Fayilo ya pa imelo ikufuna ndidine Enable Content: mafunso ndi mayankho

"Ndili ndi shopu ya nsalu ku Kamwala. Ndalandira invoisi ya Excel pa imelo, ikuti ndidine Enable Content kuti mitengo ioneke. Ndidine?"

Ayi, musadine. Batani limeneli ndi lomwe limatsegulira makiro khomo. Makiro ndi kapulogalamu kokhala m'kati mwa fayilo ya Word kapena Excel, kolembedwa m'chilankhulo cha mapulogalamu chotchedwa VBA. Anakapangira kufewetsa ntchito zobwerezabwereza, monga kuwerengera malipiro a antchito, koma kakangoyamba kugwira ntchito kamatha kuchita chilichonse chimene inuyo mungachite pa kompyutayo. Kakhoza kukoka pulogalamu ina pa intaneti mwakachetechete, ndipo imeneyo ndi yomwe imaba mapasiwedi kapena kukhoma mafayilo anu onse kuti mulipire. Vayirasi ya Melissa inafala chonchi mu 1999, ndipo njirayi sinathe.

Invoisi yeniyeni imawerengeka popanda makiro. Mukaona manambala osaoneka bwino ndi uthenga wokuuzani chodina, imeneyo ndi nyambo.

"Nanga ndingaione bwanji ndisanatsegule?"

Yambani ndi mchira wa dzina lake. Mu File Explorer, pansi pa View, chongani File name extensions. Mayina othera ndi .docm, .xlsm kapena .pptm ndi a mafayilo osunga makiro. Akale aja, .doc ndi .xls, nawonso amasunga, ndipo ambiri amapusitsika pamenepa. A .docx ndi .xlsx sasunga. Dzina longa invoisi.pdf.exe si chikalata n'komwe, ndi pulogalamu, ifufuteni.

Kenako imbirani wotumizayo foni, pa nambala yomwe munali nayo kale, osati yolembedwa mu imeloyo. Apa ndi pomwe ndimalimbikira kwambiri. Imelo ikhoza kuchokeradi ku adiresi ya amene amakugulitsani nsalu, nkhani yanu yakale ili pansi pake, chonsecho akuba analowa m'bokosi lake. Akayankha kuti sanatumize kanthu, mwapulumuka ndipo naye mwamuchenjeza. Akavomera, m'pempheni atumize PDF.

Mukhozanso kuiyeza pa VirusTotal, webusaiti yofufuza mavayirasi m'mafayilo, koma fayilo yoikidwa pamenepo ena amatha kuiona, choncho ya malipiro kapena ya makasitomala musaikepo. Ikapezeka yoyera si umboni wokwanira, poti vayirasi yatsopano imatha kudutsa.

"Office yanga yaonetsa mzere wofiira, ndipo imelo ikundiuza kuchonga Unblock."

Kuyambira 2022, Microsoft imatsekereza makiro a m'mafayilo ochokera pa intaneti. Unblock, yomwe ili mu Properties ya fayiloyo, imachotsa chitetezo chimenecho. Isiyeni momwemo.

"Ndinadina kale dzulo."

Chotsani kompyutayo pa intaneti pompano. Sinthani mapasiwedi a imelo ndi a kubanki pogwiritsa ntchito foni kapena kompyuta ina, osati yomweyo. Uzani a ku banki, chenjezani makasitomala anu kuti asatsegule zochokera kwa inu, ndipo katswiri aione kompyutayo musanailumikizenso.