Kugunda kwa chikope si malodza

"Chikope chikamagunda chokha, ndiye kuti ukumana ndi zolira." Ndakhala ndikumva mawu amenewa kuyambira ndili mwana, ndipo ndatopa nawo chifukwa amawonjezera mantha kwa munthu amene ali kale ndi nkhawa.

Munthu akakhala ndi nkhawa masabata ambiri, thupi limatulutsa timadzi tambiri totchedwa adirenalini timene timalichititsa kukhala tcheru, minofu n'kumangokhala yokungika. Mitsempha imayamba kutumiza uthenga popanda chifukwa, ndipo kamnofu kakang'ono ka pachikope kapena pakatumba kamayamba kudumphadumpha. Kupuma mothamanga kumachepetsanso mpweya woipa m'magazi kuposa muyezo, n'chifukwa chake zala ndi milomo zimachita dzanzi. Kusowa tulo, khofi ndi tiyi wambiri zimakolezera.

Yesani nokha. Kwa masabata awiri lembani tsiku limene chagunda, maola amene munagona, makapu a tiyi amene munamwa ndi chimene chinkakudetsani nkhawa. Muwone ngati zikuyendera limodzi.

Koma dzanja likafooka, nkhope ikapindika mbali imodzi kapena mawu akamatuluka mokoka, thamangirani kuchipatala. Kugunda kukapitirira masabata angapo, kapimitseni.

Chonde, musauze mnzanu kuti ndi malodza musanamufunse mmene akugonera.