Tebulo la malogi likatupa: lidulenitu mwezi ndi mwezi

Amene mumasamala makompyuta m'maempreza kuno ku Tete nkhani iyi mukuidziwa, disiki ya seva yatsala pang'ono kudzadza, shefi akuti fufutani zakalezo basi, munthu akulemba DELETE madzulo nkupita kunyumba, m'mawa akupeza chinthu chikadazungulirabe, kapena chamaliza koma disiki ili chidzadzirebe ngati sanafufute kanthu. Pano ndikamba za PostgreSQL poti ndi detabesi yomwe ndimagwira nayo ntchito, ngakhale MySQL nayo ili ndi njira yofanana.

Tiyerekeze empreza ya malole 200 oyenda Moatize, Zobwe, Ulongwe mpaka kumalire a Kalomwe uko, lole iliyonse ili ndi kachipangizo ka GPS kotumiza pomwe yafika masekondi 10 aliwonse. Ndiye kuti lole imodzi ikulemba mizere 8,640 pa tsiku, onse pamodzi 1,728,000, pa mwezi pafupifupi 52 miliyoni. Tinene kuti pamodzi ndi maindekisi mwezi umodzi ukudya magigabaiti 10. Eni ake akufuna kusunga za miyezi 12 yokha, ndiye mwezi uliwonse pali mizere 52 miliyoni yoti ichoke.

Vuto la DELETE ndi loti PostgreSQL sichotsa mzere pompopompo ayi. Imangouika chizindikiro kuti wafa, chifukwa mwina pali wina amene anayamba kuwerenga kale ndipo akuyenera kuuonabe. Kuika chizindikirocho ndi kulemba ndithu, mzere umodziumodzi ka 52 miliyoni, ndipo zonsezo zimalembedwanso mu WAL, kaundula amene detabesi imadalira magetsi akazima mwadzidzidzi, ndiye nthawi yomwe mukufufutayo disiki imatha kuyamba kudzadza kuposa poyamba, ngati muli ndi seva yachiwiri yokopera nayonso imatsalira m'mbuyo. Kenako pabwere VACUUM kudzasesa mizere yakufayo ndi kuyendanso m'maindekisi onse. Koma VACUUM wamba malo amene wasesawo amangowasiya m'kati mwa tebulo kuti mizere yatsopano idzalowemo, sawabweza ku disiki pokhapokha ali kumapeto kwenikweni kwa failo, pomwe mizere yakale nthawi zambiri imakhala koyambirira. Wobweza malo ndi VACUUM FULL, koma ameneyu amalemba tebulo lonse kachikena, amafuna malo ena okwana tebulo latsopanolo, ndipo amatseka tebulo kuti wina aliyense asawerenge kapena kulemba mpaka amalize. Malole 200 aja sadikira zimenezo.

Ganizani mwini golosale amene ngongole zonse za zaka zisanu amalemba m'buku limodzi lalikulu, kuti achotse za chaka chatha afufute ndi labala mzere ndi mzere, buku nkukhalabe lonenepa chomwecho. Mnzake amagula kope limodzi mwezi uliwonse, likatha ntchito amangolichotsa pa shelefu. Kudula tebulo m'zigawo, mapatishoni, ndi zimenezo. Kuyambira PostgreSQL 11 ya mu 2018 zimachitika mosavuta chonchi:

```sql
CREATE TABLE gps_log (
  lole_id int NOT NULL,
  nthawi timestamptz NOT NULL,
  lat double precision,
  lon double precision,
  PRIMARY KEY (lole_id, nthawi)
) PARTITION BY RANGE (nthawi);

CREATE TABLE gps_log_2025_03 PARTITION OF gps_log
  FOR VALUES FROM ('2025-03-01 00:00+02') TO ('2025-04-01 00:00+02');
```

Tebulo la pamwambalo, `gps_log`, palokha mulibe mzere ngakhale umodzi, ndi khomo chabe. Pulogalamu yanu imalembabe ku `gps_log` ngati kale ndipo detabesi imayang'ana nthawi nkuponya mzerewo m'chigawo chake. Chigawo chilichonse ndi tebulo lenileni lokhala ndi mafailo ake pa disiki komanso maindekisi ake, nchifukwa chake kuchotsa mwezi wathunthu kumangokhala kuchotsa mafailo, sikuyenda mzere ndi mzere, kumatenga kamphindi ndipo magigabaiti 10 aja amabwerera ku disiki nthawi yomweyo.

Onetsetsani malire aja. Tsiku la pa FROM limalowa m'chigawo, la pa TO sililowa, ndiye chigawo cha Epulo chiyambire ndendende pomwe cha Malichi chathera, osalemba 31 Malichi ngati mapeto chifukwa tsiku lonse la 31 likhala lopanda kolowa. Ndipo ka `+02` kaja musakasiye. Nthawi ya kuno ku Mozambiki ili patsogolo ndi maola awiri pa UTC, pomwe maseva ambiri obwereka kunja amayendera UTC, mukangolemba tsiku lopanda `+02` pa seva yotereyo malire amagwera 2 koloko usiku nthawi yathu, ndiye lole imene inadutsa pa Zobwe 1 koloko usiku wa pa 1 Epulo ipezeka m'chigawo cha Malichi. Mafunso anu aziyankhidwabe bwinobwino, koma tsiku lomwe mudzataye Malichi maola awiri a Epulo adzapita nawo, ndipo ngati pali mkangano wa mafuta kapena katundu usiku umenewo umboni mulibenso.

Chinanso chimene chimadabwitsa anthu ndi PRIMARY KEY. Pa tebulo loduladula kiyi iyenera kukhala ndi `nthawi` m'kati mwake, kiyi ya `id` yokha detabesi imakana, poti chigawo chilichonse chimangodziwa mizere yake yokha sichingatsimikize kuti nambala ija kulibe m'chigawo china. Pa malogi izi sizivuta kwenikweni, lole ndi nthawi pamodzi zakwana.

Tsopano tsiku lotaya lafika, tili mu Epulo 2026 ndipo Malichi 2025 wadutsa miyezi 12. Mutha kungolemba `DROP TABLE gps_log_2025_03;` nkutheka, koma apa ndi pomwe ndimafuna anthu amvetsetse kwambiri. DROP imeneyo imafuna loko wamphamvu, ACCESS EXCLUSIVE, pa tebulo la pamwamba lija. Ntchito yake ndi ya kamphindi inde, koma kuti ipeze lokoyo iyenera kudikira aliyense amene akuwerenga amalize kaye. Ndiye ngati a muofesi ayambitsa lipoti la makilomita lotenga mphindi 20, DROP yanu iima pamzere kudikira, ndipo choipa nchoti aliyense wobwera pambuyo pake, kuphatikizapo malole olemba pomwe afika, amaima kumbuyo kwa DROP yanuyo. Pa sikirini malole onse amaoneka ngati aima malo amodzi, mafoni nkuyamba kulira, chonsecho seva sinatope, mukayang'ana mu `pg_stat_activity` mupeza gulu la anthu pa `wait_event_type` palembedwa `Lock`.

Kuyambira PostgreSQL 14 ya mu 2021 pali njira yofatsa, kuyamba mwachimasula chigawocho kenako nkuchitaya chili pachokha:

```sql
ALTER TABLE gps_log DETACH PARTITION gps_log_2025_03 CONCURRENTLY;
DROP TABLE gps_log_2025_03;
```

Yoyambayo imatenga loko wopepuka amene satsekereza owerenga ndi olemba, imadikira amene anayamba kale amalize koma ena akudutsa. Singathe kuyenda m'kati mwa BEGIN ndi COMMIT, iyende payokha. Ikadukira panjira, mwina netiweki yadula, chigawo chimatsala lendelende ndipo mumamalizitsa ndi lamulo lomwelo koma kumapeto mulembe FINALIZE m'malo mwa CONCURRENTLY. Amene muli pa 13 kapena kumbuyo, yambani mwalemba `SET lock_timeout = '3s';` kuti ngati loko sakupezeka m'masekondi atatu lamulo lanu ligonje lokha, muyeserenso usiku, kusiyana nkuimitsa empreza yonse.

Ine ndimakonda kusiya mpata pakati pa mizere iwiri ija. Chigawo chikamasulidwa chimakhala tebulo wamba, deta yonse ilimo, ndiye muchikope ndi `pg_dump -t gps_log_2025_03` kupita pa disiki ina yotchipa, muyese kuti kopeyo ikutseguka, mudikire sabata, ndiyeno DROP. Mukataya mwezi wolakwika palibe pobwerera kupatula bakapu, ndipo mayina ngati `2025_03` ndi `2026_03` amasiyana ndi nambala imodzi yokha, maso otopa a madzulo saiona.

Tsoka lina limabwera pa 1 mwezi pakati pa usiku. Detabesi sipanga yokha chigawo cha mwezi wamawa, ngati palibe amene wachipanga mzere woyamba wa mwezi watsopano umakanidwa, ndi ena onse otsatira, ndi uthenga uwu:

```
ERROR: no partition of relation "gps_log" found for row
```

Mankhwala ake ndi kupangiratu zigawo za miyezi itatu kutsogolo, chigawo chopanda kanthu sichidya malo oti nkudandaula nawo. Ikani ntchitoyo pa `cron`, kapena gwiritsani `pg_partman` imene imapanga zatsopano nkuchotsa zakale payokha, koma muikenso chokuchenjezani ngati zigawo za kutsogolo zatsala zosakwana ziwiri, chifukwa `cron` amatha kufa mwakachetechete inu nkudzazindikira patapita miyezi.

Ena amati tingoika chigawo cha DEFAULT, chomwe chinabwera mu PostgreSQL 11, chizilandira mizere yosowa kolowa. Chimapulumutsa deta usiku umenewo zoona, koma ine pa tebulo la malogi sindichikonda. Mizere ya Meyi ikangolowa mu DEFAULT, kupanga chigawo cha Meyi kumakanika mpaka muisamutse kaye pamanja, ndiponso DEFAULT ikakhalapo DETACH ya CONCURRENTLY ija imakanidwa. Koma dziwani kuti popanda DEFAULT kachipangizo ka GPS kamene wotchi yake yasokonekera nkumatumiza chaka cha 1970 mizere yake izikanidwa, ndiye pulogalamu yolandira izidziwa koiika mizere yotereyo, isagwe nayo.

Pa kuwerenga, phindu limabwera pokhapokha funso lanu latchula nthawi moonekera. Mukalemba `WHERE nthawi >= '2025-06-01 00:00+02' AND nthawi < '2025-07-01 00:00+02'` detabesi imatsegula chigawo cha Juni chokha. Mukakulunga nthawiyo ngati `to_char(nthawi, 'YYYY-MM') = '2025-06'`, kapena mwangofunsa za lole nambala 47 osatchula tsiku, imayenda m'zigawo zonse. Ikani EXPLAIN patsogolo pa funsolo muwerenge mayina a zigawo amene atuluke, likatuluka limodzi zili bwino.

Nanga tebulo lakale lija lomwe latupa kale? PostgreSQL silola kulisandutsa loduladula pomwe lili. Kukopera mizere yonse m'zigawo kumafuna malo owirikiza kawiri, amene mwina mulibe. Chimene ndimalangiza ndi kulisintha dzina likhale `gps_log_kale`, kupanga `gps_log` yatsopano yoduladula, nkulimangirira lakalelo ngati chigawo chimodzi chachikulu kuyambira MINVALUE mpaka pa 1 mwezi wamawa. Musanamangirire ikani CHECK yonena kuti nthawi zonse zili kumbuyo kwa tsiku limenelo, muiike ndi NOT VALID kenako VALIDATE CONSTRAINT malole akulembabe, apo ayi ATTACH PARTITION idzawerenga tebulo lonse italitseka, ndipo kiyi yofanana ndi ya tebulo latsopano ikhaleponso kale. Disiki sipepuka msanga ndi njira imeneyi, chigawo chakalecho chikhala pomwepo mpaka mzere wake womaliza ukwanitse miyezi 12, ndiye werengeranitu malo a magigabaiti ena 120 a chaka chimenecho musanayambe.