Odi ya 2.10 sikutanthauza kuti timu ipambana

Ndine mphunzitsi wa masamu, ndipo ndatopa kumva anyamata, ena mwa iwo anadutsa m'manja mwanga, akunena kuti "Maule apatsidwa odi yaing'ono, ndiye kuti awina basi." Odi ndi nambala yomwe amachulukitsa nayo ndalama yomwe mwabetcha pa mpira mukawina, ndipo odi yaing'ono imangosonyeza kuti pa zinthu zitatu zomwe zingachitike, kupambana, kufanana mphamvu kapena kugonja, chimenecho ndicho chili patsogolo. Kukhala patsogolo pa zitatu sikufuna kuti mwayi ufike ngakhale theka. Masamu ake ndi a pulayimale, kugawa, kuchulukitsa ndi kuphatikiza basi, koma anthu amataya malipiro a mwezi wathunthu osawachita.

Tiyerekeze kuti Bullets ikulandira Wanderers pa Kamuzu Stadium, ndipo kampani yobetchera yaika manambala awa, omwe ndangopeka kuti tiwerengere: pa 1, kupambana kwa eni bwalo, 2.10, pa X, kufanana mphamvu, 3.20, pa 2, kupambana kwa alendo, 3.40. Kuti mudziwe mwayi womwe odi ikunena, gawani 1 ndi odiyo, kenako chulukitsani ndi 100.

```
1 / 2.10 = 0.476  (47.6%)
1 / 3.20 = 0.313  (31.3%)
1 / 3.40 = 0.294  (29.4%)
```

Inu a ku Britain mukaona 11/10 musadabwe, ndi 2.10 yomweyo. Tengani nambala yam'munsi, muigawe ndi zonse ziwiri mutaziphatikiza, 10 kugawa ndi 21, mupeza 47.6 peresenti yomwe ija.

Ambiri omwe amadziwako pang'ono amaimira pomwepa, n'kumayenda akulengeza kuti Bullets ili ndi 47.6 peresenti. Ayi. Phatikizani manambala atatuwo. Akukwana pafupifupi 108.3 peresenti. Masewero a mpira sangathe mwanjira ina kupatula zitatuzi, ndipo ziwiri sizingachitike pamodzi, choncho mwayi weniweni uyenera kukwana 100 ndendende. Nanga 8.3 yowonjezerayo yachokera kuti? Imeneyo ndi phindu la kampani, lomwe analiika kale m'kati mwa mtengo mpira usanayambe.

Ngati mukukayika, yesani kubetcha mbali zonse zitatu kuti mulandire K10,000 zivute zitani. Pa Bullets muyenera kuika K4,762, pa X K3,125, pa Wanderers K2,941. Mwatulutsa K10,828 m'thumba. Apambane Maule, apambane Manoma, kapena alepherane, mulandira pafupifupi K10,000. Mwagula zotsatira zonse zomwe zilipo, palibe chakudabwitsani, koma mwabwerera kunyumba K828 itasowa. Pa K100 iliyonse yomwe mwaika, pafupifupi K8 yatsala kwa mwini kampani. Iyeyu safuna kulosera bwino kuposa inu kuti adye. Amangofuna kuti anthu azibetcha.

Kuti muchotse phindulo, gawani nambala iliyonse ndi chiwerengero cha zonse pamodzi.

```
47.6 / 108.3 = 44.0%
31.3 / 108.3 = 28.9%
29.4 / 108.3 = 27.1%
```

Tsopano zakwana 100, ndipo onani zomwe zatsala pa timu yomwe mumati ndi yodalirika ija. Masewero otere atachitika maulendo 100, Bullets ingapambane pafupifupi 44, n'kulephera kupambana 56. Wobetcha pa 1 amaluza kawirikawiri kuposa momwe amawinira, ngakhale kuti wasankha timu yomwe kampani nayonso ikuiona kuti ndi yamphamvu. Chomwe chimawapha ambiri ndi X. M'mutu mwa sapota muli matimu awiri okha, yathu ndi yawo, koma pa tiketi pali wachitatu, ndipo pano watenga pafupifupi 29 peresenti, kuposa Wanderers. Kumbukiraninso kuti 1X2 nthawi zambiri imawerengera mphindi 90 ndi zowonjezera za oimbira zokha. Pa masewero a chikho, timu yanu ikapambana pa mapenate, tiketi yanu ya 1 yafa kale, X ndiye wadya.

Njira yogawayi ili ndi malire ake, ndipo musaitenge ngati uthenga wochokera kumwamba. Imatenga ngati kuti kampani yagawa phindu lake mofanana pa mbali zonse zitatu. Kawirikawiri sizikhala choncho: makampani amakonda kuunjika phindu lochuluka pa maodi akuluakulu, a timu yofooka, poti kumeneko n'komwe anthu olota mamiliyoni amathamangira osafunsa mtengo. Pa masewero oyandikana mphamvu ngati athuwa kusiyana kwake n'kochepa. Koma mukaona 1.15 mbali ino ndi 15.00 mbali inayo, dziwani kuti njirayi ikuipatsa timu yofookayo mwayi woposa womwe ili nawodi. Chinanso, nambala yomwe mwapezayo ndi maganizo a kampani ndi a anthu obetcha pa nthawi imeneyo. Goloboyi akavulala m'mawa wa tsikulo, maodi amasintha, ndipo muyenera kuwerengeranso.

Nkhani yomwe imandipwetekabe mtima ndi ya mnyamata wina wa kabaza yemwe kale anali m'kalasi mwanga, ndipo masamu ankawatha ndithu. Anandionetsa matiketi ake, akudandaula kuti wina wamulodza, poti nthawi zonse timu imodzi yokha ndiyo imamugwetsa. Ankasankha masewero asanu, onse a odi ya 1.25, n'kuwamanga pa tiketi imodzi. Iye ankawatcha "mashuwa". Ndinamuuza atulutse foni. Odi ya 1.25 ndi 80 peresenti tisanachotse n'komwe phindu la kampani. Kuti tiketi idye, onse asanu ayenera kupambana, choncho timachulukitsa 0.8 kasanu, ndipo timapeza 0.33. Matiketi awiri pa atatu alionse ayenera kufa, ndipo popeza timu iliyonse payokha ndi yamphamvu, kawirikawiri imagwa ndi imodzi yokha. Zomwe ankazitcha ufiti ndi zomwe masamu amayembekezera. Anandimvetsera mwaulemu, anavomera kuti zawerengedwa bwino, koma sanasiye. Njinga ija anaigulitsa.

Phindu la kampani nalonso limachulukana pa tiketi yotere. Ngati masewero alionse ali ndi 108.3 ngati chitsanzo chathu, pa masewero amodzi K100 imabweza pafupifupi K92 mukawerengera nthawi yaitali. Pa asanu imabweza K67. Pa khumi imabweza K45. N'chifukwa chake makampani amakunyengererani ndi bonasi mukaonjezera masewero pa tiketi.

Ndiye pali akamberembere a pa WhatsApp ndi Facebook, ogulitsa maodi "otsimikizika" ndi masewero omwe amati anakonzedwa kale. Munthu wodziwadi zotsatira za mawa sangakupempheni K5,000 ya pa foni, angabetche yekha mwakachetechete. Chinyengo chawo n'chakale: gulu lina amaliuza 1, lina X, lina 2. Gulu limodzi mwa atatuwo liwina ndithu, ndipo limenelo ndilo limatumiza zithunzi za matiketi, n'kulipira zochuluka sabata yotsatira. Akachita zimenezi kawiri, munthu mmodzi pa 9 alionse amakhala ataona ulosi wolondola kawiri motsatizana, ndipo mukamuuza kuti akuberedwa amakuyankhani mwaukali. Wina akakutumizirani ulosi, mufunseni kuti akuipatsa timuyo maperesenti angati, ndi chifukwa chomwe nambala yakeyo ikuposera 47.6 yomwe odi ya 2.10 imafuna kuti musaluze pa nthawi yaitali. Ndipo ngati mwayamba kukongola ndalama kuti mubweze zomwe munaluza, musadikire kuti mwezi uthe, uzani m'bale wanu lero ndipo mumupatse ndalama za pakhomo azisunga iyeyo.