Kupempha masiku oganizira ntchito imene akupatsani

Tiyerekeze kuti mumakhala ku Rosettenville, mumzinda wa Johannesburg kuno ku South Africa, ndipo Lachitatu masana foni yalira: kampani ina ya ku Midrand, kumpoto kwa mzindawu, yakutengani, ikufuna yankho pofika Lachisanu. Ambiri amavomera pomwepo poopa kuti mwayi uwapitirira. Ena amangoti "ndikaganize kaye" kenako zii. Mawu amenewa ndi amene amaononga zinthu, chifukwa wolemba ntchito akamva choncho amayamba kuyang'ana dzina la munthu amene anali wachiwiri pa intavyu.

Pafoni pomwepo thokozani, nenani kuti ntchitoyo mukuifuna, ndipo pemphani kuti akutumizireni kalata kapena kontirakiti. Ikafika, yankhani tsiku lomwelo, osadikira Lachisanu madzulo. Kaya mulemba m'Chingerezi, mfundo zake zikhale izi: "Zikomo kwambiri, bwana, ntchitoyi ndaikonda. Ndikufuna ndiwerenge bwino kontirakiti ndiponso ndione tsiku limene ndingayambe. Kodi mungandilole ndikuyankheni Lachiwiri, nthawi isanakwane 12 koloko masana?"

Onani kuti mwatchula tsiku ndi ola. Munthu amene sakufuna ntchito sadziikira malire otere, ndipo olemba ntchito amadziwa zimenezi. Masiku awiri kapena atatu ogwira ntchito n'ngokwanira. Mukapempha milungu iwiri, aliyense amazindikira kuti mukudikira yankho la kwina.

Chifukwa chimene mwapereka chikhale choona, ndiponso chokhudza ntchitoyo. Ndalama yolembedwa m'kalata nthawi zambiri si imene imalowa m'thumba: pamachoka msonkho ngati malipiro afika mlingo wake, 1 peresenti ya UIF, lomwe ndi thumba la boma lothandiza anthu ntchito ikawathera, mwinanso za penshoni. Kenako werengerani matakisi, a ku tauni ndi a ku Midrand, m'mawa ndi madzulo, masiku 22 pamwezi. Palinso notisi ya kumene mukugwira panopa. Lamulo la kuno limati mlungu umodzi ngati simunapitirire miyezi 6, milungu iwiri ngati mwapitirira koma chaka sichinakwane, milungu inayi ngati mwakwanitsa chaka. Kontirakiti yanu ikhoza kunena nthawi yoposa apa, choncho iwerengeninso.

Chimene chimandidetsa nkhawa kwambiri n'chakuti anthu amapempha masiku, sayankhidwa, n'kumaganiza kuti aloledwa. Ayi ndithu. Ngati sanayankhe, tsiku lomaliza likadali Lachisanu lomwe lija, ndipo likadutsa ntchito yapita. Komanso malinga ngati simunavomere, kampani kawirikawiri imakhala ndi ufulu wobweza ntchitoyo. Choncho Lachinayi likafika kuli chete, imbani foni, ndipo akavomera apempheni alembe pa imelo kapena pa WhatsApp, ngakhale mzere umodzi.

Musaphatikize pempho la masiku ndi mawu oti "ndibwera pokhapokha mutawonjezera R2 000". Mwalamulo mawu otere angatengedwe ngati mwakana zimene anakupatsani n'kuika zanu. Ngati malipiro akukuvutani, funsani ngati pali mpata wokambirana, lingokhala funso.

Akakana kuwonjezera masiku, funsani mafunso anu onse pafoni Lachinayi lomwelo, muyankhe Lachisanu m'mawa. Kalata yosiya ntchito yakale musaipereke mpaka mutasaina yatsopanoyo.