Andidula msonkho pa ndalama ya sikolashipu: ndiyambire pati?

Mu Juni 2025 ndinalandira kalata yochokera kwa mayi wina wa ku Malawi amene akuchita maphunziro a udokotala wa kafukufuku pa yunivesite ina ku Mangalande. Dzina lawo ndi la yunivesiteyo ndazisunga. Alemba motere:

"Ndinayamba maphunziro mu Okutobala 2024. Sikolashipu yanga imandipatsa £19,237 pa chaka yoti ndizidyera ndi kulipira nyumba, ndipo pambali pake ndimaphunzitsa ophunzira a chaka choyamba maola ochepa, n'kumalandira £300 pa mwezi. Kuyambira pachiyambi ankandidula £68 mwezi uliwonse, ine n'kumati ndi mmene zimakhalira kuno. Koma mu Epulo 2025 ndinadzidzimuka kuona kuti adulanso £171 yina. Tsopano tili kumapeto kwa Juni, ndipo ndalama yomwe ndimatumizira ana kumudzi ndi yomweyo ikupita ku msonkho. Anzanga a sikolashipu yofanana ndi yanga sadulidwa kanthu. Ndalakwitsa chiyani?"

Mayi, pepani kwambiri. Monga momwe mwafotokozeramu, simunalakwitse kanthu. Zikuoneka kuti ofesi yokonza malipiro inaphatikiza ndalama ziwiri zomwe lamulo limaziona mosiyana, n'kuzilemba zonse ngati malipiro a ntchito.

Lamulo lake ndi lalifupi. Gawo 776 la lamulo la msonkho la 2005, lomwe bungwe lotolera msonkho la HMRC limalilemba mwachidule kuti ITTOIA 2005, limanena kuti ndalama ya sikolashipu ya munthu amene akuphunzira nthawi yonse pa yunivesite, koleji kapena sukulu ina siidulidwa msonkho. Silifunsa kuti wophunzirayo ndi mbadwa ya dziko liti. Chimene limafuna n'choti ndalamayo ikhaledi yothandizira kuphunzira, osati yolipira thukuta lomwe mwakhetsa pogwirira wina ntchito. £19,237 yomwe mwatchulayo ndi yofanana ndi mlingo wotsikitsitsa womwe bungwe la boma lothandiza kafukufuku, la UKRI, linaika m'chaka cha maphunziro cha 2024/25, ndipo mayunivesite ambiri amatsata mlingo womwewo. Ndalama imeneyi imaperekedwa yathunthu, popanda msonkho ndiponso popanda National Insurance, yomwe ndi chopereka chomwe antchito amadulidwa cholowa ku penshoni ya boma ndi thandizo lina.

£300 ya uphunzitsi ndi nkhani ina. Imeneyo ndi malipiro enieni, ndipo iyenera kudutsa mu PAYE, njira yomweyi timaidziwa kwathu kuno yoti bwana amadula msonkho malipiro asanakufikeni. Koma kudutsa mu PAYE sikutanthauza kuti pakhala chodula. Ku Mangalande munthu amaloledwa kupeza £12,570 pa chaka asanayambe kukhoma msonkho, zomwe pa mwezi zimakhala pafupifupi £1,048. National Insurance nayo imayambira pa £1,048 yomweyo pa mwezi. £300 yanu ili kutali ndi malirewo, choncho akanailemba payokha simukanadulidwa ngakhale kakobiri.

Tiyeni tiwerengere limodzi kuti muone komwe ziwerengero za pa peyisilipi yanu zachokera. Sikolashipu mukaigawa pa miyezi 12 imabwera £1,603. Kuphatikiza ndi £300 zimakwana £1,903. Mukachotsapo £1,048 patsala £855. National Insurance ya wantchito ndi 8 peresenti ya zotsalazo, ndiye £68 ija. Msonkho ndi 20 peresenti ya £855 yomweyo, ndiye £171. Ziwerengerozi zikugwirizana ndendende ndi zomwe mwalemba, ndipo n'chifukwa chake ndikukhulupirira kuti makina a malipiro akuona sikolashipu yanu ngati salale.

Funso lomwe limazunguza ophunzira ambiri ndi loti n'chifukwa chiyani msonkho unadikira mpaka Epulo. Chaka cha msonkho ku Britain chimayamba pa 6 Epulo n'kutha pa 5 Epulo chaka chotsatira. Pa peyisilipi yanu mwina pali nambala yoti 1257L, yomwe imauza makina kuti muli ndi gawo lonse la £12,570, ndipo makinawo amawerengera gawoli mounjika kuchokera mu Epulo. Inu munayamba mu Okutobala, miyezi isanu ndi umodzi itadutsa musanalandire kanthu. Kuchokera Okutobala mpaka Malichi munalandira £1,903 kasanu n'kamodzi, zomwe ndi £11,418, osafika pa £12,570. Msonkho sunaoneke. National Insurance ilibe chifundo chotere: imayang'ana mwezi uliwonse pawokha, osaunjika za m'mbuyo, ndiye inayamba kuluma mwezi woyamba womwe. Chaka chatsopano chitayamba mu Epulo, gawo lomwe munasungira lija linatha, msonkho n'kutulukira poyera. Vutolo linalipo kuyambira tsiku loyamba, kungoti £68 yokha inali yaing'ono yoti munthu wachilendo m'dziko n'kuikayikira.

Kufika mu Juni, mwadulidwa National Insurance miyezi isanu ndi inayi, pafupifupi £615, ndi msonkho wa miyezi itatu, £513. Zonse pamodzi ndi pafupifupi £1,130. Kwa munthu wolera ana kumudzi ali pa sukulu, imeneyi si ndalama yoisiya.

Musanapite kukagogoda pa ofesi iliyonse, tulutsani kalata yomwe anakupatsirani sikolashipu n'kuiwerenga mofatsa, chifukwa mlandu wonse wagona pamenepo. Ngati kalatayo ikunena kuti ndalamayo ndi yokuthandizani pa maphunziro, ndipo uphunzitsi uli ndi kontirakiti yakeyake yolipira pa ola, muli pabwino. Koma mayunivesite ena amapereka malo a maphunziro omwe amangiriridwa ku ntchito: amakulembani ngati wothandizira kuphunzitsa, n'kunena kuti mudzaphunzitsa maola akutiakuti pa chaka posinthana ndi ndalamayo. Pamenepo gawo lina la ndalamayo, mwina yonse, limakhaladi malipiro, ngakhale anthu a mu dipatimenti azilitchula kuti sikolashipu. A HMRC sayang'ana dzina lomwe ndalama yapatsidwa. Amayang'ana ngati pali ubale wa bwana ndi wantchito. Kodi mukasiya kuphunzitsa, £1,603 ija ingaime? Ngati yankho ndi ayi, ndiye kuti ndalamayo si ya uphunzitsi. Poti mwanena kuti anzanu a sikolashipu yomweyo sadulidwa, ndikuganiza kuti inu muli m'gulu loyambalo, koma onetsetsani ndi maso anu.

Ambiri akazindikira zimenezi amathamangira kuimbira foni a HMRC. Ine ndimalangiza kuyambira ku yunivesite, ndipo chifukwa chake n'chakuti a HMRC amangodziwa zomwe bwana wawauza. Mwezi uliwonse ofesi ya malipiro imawatumizira lipoti lotchedwa Full Payment Submission, ndipo lipotilo likunena kuti mumalandira salale ya £1,903. Kwa iwo msonkho womwe mwadulidwa ndi wolondola. Kalata yotchedwa P800, yomwe amatumiza okha chaka chikatha kwa munthu amene wakhoma mopitirira, siingakufikeni pa nkhani iyi, chifukwa m'mabuku awo simunapitirire. Osadikira kuti zikonzeka zokha.

Lemberani ofesi ya malipiro, ndipo kalata yomweyo ipitenso ku ofesi yoyang'anira ophunzira a kafukufuku, popeza iwo ndi amene angachitire umboni kuti ndinu wophunzira wa nthawi yonse. Ikani kalata ya sikolashipu, kontirakiti ya uphunzitsi, mapeyisilipi onse kuyambira Okutobala, ndi P60, pepala losonyeza malipiro ndi zodulidwa za chaka chonse cha msonkho, yomwe anayenera kukupatsani pofika pa 31 Meyi. Tchulani gawo 776. Pemphani zinthu zitatu momveka bwino: asiye kulemba sikolashipu ngati malipiro kuyambira mwezi wamawa, akonze ziwerengero zomwe anatumiza ku HMRC za zaka zonse ziwiri za msonkho, ndipo akubwezereni zomwe anadula. Lembani, musangolankhula pa windo. Pa nkhani za ndalama, zomwe zanenedwa pakamwa zimaiwalika msanga munthu wa mu ofesi akasinthidwa.

Za chaka cha msonkho cha 2025/26 n'zosavuta akazikonza chakacho chisanathe. Akakonza ziwerengero zounjikidwa kuchokera mu Epulo, makina amaona okha kuti munadulidwa mopitirira, ndipo £513 ija pamodzi ndi National Insurance ya miyezi itatu zingabwerere kudzera m'malipiro anu. Za chaka chomwe chinatha pa 5 Epulo 2025 zimafuna khama pang'ono: kumeneko kuli National Insurance ya miyezi isanu ndi umodzi, pafupifupi £410, ndipo ofesiyo iyenera kutumiza lipoti lokonzedwa la chaka chimenecho n'kukupatsani pepala losonyeza ziwerengero zolondola m'malo mwa P60 yolakwika ija. Apa mpamene ena amazengereza. Akumbutseni mwaulemu kuti nayonso yunivesite yakhala ikulipira National Insurance ya mbali ya bwana pa ndalama yomwe siinali salale, 13.8 peresenti mpaka Epulo 2025 ndi 15 peresenti kuchokera pamenepo. Kukonza cholakwikachi kuwabwezera ndalama iwonso.

Yang'ananinso ngati pa peyisilipi pali mzere wa penshoni. Wantchito amene malipiro ake apitirira £10,000 pa chaka amalowetsedwa mu penshoni ya pa ntchito popanda kupempha, ndipo makina omwe akuona £1,903 akhoza kukhala kuti anakulowetsani. Ngati zili choncho, muitchule m'kalata yomweyo.

Yunivesite ikakana kapena ikangokhala chete, pamenepo ndiye mulembere a HMRC nokha, n'kutumiza mapepala omwe aja pamodzi ndi yankho la yunivesite ngati lilipo. Dziwani kuti msonkho ndi National Insurance amazibweza padera, choncho pemphani chilichonse pachokha, mutchule miyezi ndi ndalama yake. Msonkho mungaufunse mpaka zaka zinayi chaka chake chitatha, kutanthauza kuti wa chaka cha 2025/26 muli nawo mpaka pa 5 Epulo 2030. Komabe musadalire nthawi yaitaliyo. Mukamaliza maphunziro n'kubwerera kwathu, akaunti ya ku banki ya kumeneko mutatseka ndi imelo ya yunivesite itazimitsidwa, kutsata ndalamayi kuchokera ku Lilongwe kapena ku Zomba kumakhala kolemetsa kwambiri.

Chenjezo limodzi kwa owerenga amene ali ku Sikotilandi, komwe Amalawi ambiri amaphunzira: lamulo la sikolashipu ndi National Insurance n'zofanana ndi za ku Mangalande, koma milingo ya msonkho wa malipiro ndi yawoyawo, ndipo nambala yanu imayamba ndi S, monga S1257L. Chiwerengero cha £171 chisiyana pang'ono kwa inu.

Mayi, zikakonzedwa, peyisilipi yanu iyenera kuonetsa £300 yokha ngati malipiro owerengedwa pa msonkho, mizere ya msonkho ndi National Insurance ili pa ziro, ndipo £1,603 izibwera payokha kapena pa mzere wake wosawerengedwa ngati salale. Mukalandira ya mwezi woyamba, lowani mu akaunti yanu ya pa intaneti ya HMRC muone ngati malipiro omwe alembedwa kumeneko atsika kufika pa £300 pa mwezi. Ngati akadali pa £1,903, ndiye kuti ofesiyo yakubwezerani ndalama koma lipoti sinakonze, ndipo muwalemberenso.