Sipuredishiti yokonza yokha mndandanda wa ntchito za lero

Ntchito zambiri zimene timalemba pa mndandanda wa tsiku ndi zomwe zija zimene zimabwerabwera, ina tsiku lililonse, ina pakapita masiku atatu, ina kamodzi pa sabata. M'malo mozilemba m'mawa uliwonse, mukhoza kuzilemba kamodzi mu Excel kapena Google Sheets, n'kusiya fomula kuti izisankha za lero.

Zonsezi zimatheka chifukwa sipuredishiti imasunga deti ngati nambala. Mukalemba 1 Januwale 2025, iyo imasunga 45658, ndipo tsiku lotsatira ndi 45659. Choncho mukachotsera deti lina ku linzake mumapeza masiku amene ali pakati pake.

Yambani ndi madanga anayi. Mu A lembani dzina la ntchito, mu B tsiku loyamba kuigwira, mu C masiku amene amadutsa isanabwerenso, ndipo D musiyireni fomula. Mzere woyamba ndi wa mitu. M'kabokosi G1 ikani deti la lero:

```
=TODAY()
```

Kenako mu D2 lembani izi, n'kukokera pansi mpaka pa ntchito yomaliza:

```
=IF(AND($G$1>=B2,MOD($G$1-B2,C2)=0),1,0)
```

`MOD` imagawa nambala ina ndi inzake n'kupereka zotsala. Tiyerekeze kuti muli ndi ntchito zitatu zimene zonse zinayamba Lolemba pa 3 Malichi 2025: kukopera mafayilo pamalo ena masiku 7 alionse, kuthirira maluwa masiku 3 alionse, ndi kusintha zofunda masiku 14 alionse. Pa 17 Malichi papita masiku 14. Mukagawa 14 ndi 7 palibe chotsala, ndiye ntchito ya mafayilo ilandira 1. Ya zofunda chimodzimodzi. Koma 14 kugawa ndi 3 kutsala 2, choncho maluwa alandira 0, adikire mawa pamene masiku akwane 15. Ntchito ya tsiku lililonse mumaiikira 1 mu C.

Mbali yakuti `$G$1>=B2` ena amaichotsa poganiza kuti ilibe ntchito. `MOD` imawerenganso manambala a pansi pa ziro, moti ntchito ya sabata ndi sabata imene mwaikonza kuti idzayambe mwezi wamawa imayamba kutulukira panopa. Zizindikiro za `$` nazo zimakhomerera fomula pa G1. Mukaziiwala, mzere wachitatu umayang'ana G2, wachinayi G3, momwe mulibe deti la lero, ndipo ntchito zonse kupatula yoyamba sizitulukanso molondola.

Mndandanda weniweniwo umatuluka ndi fomula imodzi, imene mungaike mu G3:

```
=FILTER(A2:A50,D2:D50=1)
```

Imagwira mu Google Sheets, Excel 2021 ndi Microsoft 365. Musalembe chilichonse m'timabokosi ta pansi pake chifukwa zotsatira zimafuna malo otsikira. Zikapeza potseka, Excel imaonetsa `#SPILL!` pamene Google Sheets imaonetsa `#REF!`. Amene ali ndi Excel yakale angagwiritse ntchito batani la `Filter` pa danga D n'kusankha 1, kungoti ayenera kudina `Reapply` m'mawa uliwonse. Pa makompyuta ena fomula imafuna `;` pamene apa pali `,`.

Fomula ya `MOD` ili ndi vuto limodzi lalikulu: imangodziwa kalendala, sidziwa ngati ntchito mwaigwira. Mukalephera kusintha zofunda pa 17 Malichi, pa 18 ntchitoyo imakhala itachoka pa mndandanda, ndipo mudzaionanso pa 31. Pa ntchito imene tsiku lake likadutsa ladutsa, monga msonkhano wa Lolemba lililonse, zimenezi zili bwino. Koma maluwa amene sanathiriridwe amafunabe madzi, ndipo mukawathirira mochedwa ndi masiku awiri, kuwerenga masiku atatu kuyenera kuyambira pomwepo.

Ntchito zoterezi zimafuna fomula ina. Mu B mulembe tsiku limene munaigwira komaliza, ndipo mu D muike:

```
=IF($G$1>=B2+C2,1,0)
```

Ngati zofunda munasintha pa 3 Malichi, kuwonjezerapo 14 kukupatsani 17 Malichi. Kuyambira tsikulo ntchitoyo imakhala pa mndandanda mpaka mutasintha deti la mu B. Mukaigwira pa 19, lembani deti limenelo, ndipo idzabweranso pa 2 Epulo. Njira yachangu yolembera deti la lero ndi kudina `Ctrl` ndi `;` pamodzi, zimene zimaika deti losasuntha. Musalembe `=TODAY()` mu B. Deti limenelo limasintha tsiku lililonse, moti sipuredishiti imaona ngati ntchito mwangoimaliza kumene ndipo siidzaitulutsa mpaka kalekale.

Mitundu iwiriyi ikhoza kukhala pa tebulo limodzi. Onjezani danga E, mulembemo K pa ntchito za kalendala ndi M pa zowerengera pomwe munamaliza, kenako D2 ikhale motere:

```
=IF(C2="",0,IF(E2="K",IF(AND($G$1>=B2,MOD($G$1-B2,C2)=0),1,0),IF($G$1>=B2+C2,1,0)))
```

Kachigawo koyambirirako, `C2=""`, kamateteza mizere yopanda kanthu. Popanda iko mzere wopanda kanthu umalandira 1, ndipo pa mzere wa K umene mu C mulibe nambala `MOD` imayesa kugawa ndi ziro n'kupereka `#DIV/0!`, ndipo mu Excel cholakwika chimodzi chotere mu D chimagwetsa mndandanda wonse. N'chifukwa chake si nzeru kuthamangira kukuta `FILTER` ndi `IFERROR`. Cholakwikacho chimabisika, inu n'kumasangalala kuti lero kulibe ntchito. Mu Excel, ngati mukufuna uthenga wa tsiku lopandadi ntchito m'malo mwa `#CALC!`, uikeni m'kati mwa fomula yomweyo:

```
=FILTER(A2:A50,D2:D50=1,"Palibe ntchito")
```

Ntchito za pamwezi musaziikire 30 mu C. Yoyamba pa 25 Januwale 2025 idzagwera pa 24 Febuluwale, kenako pa 26 Malichi, ndipo ikabwera ka 12 padzakhala patapita masiku 360 okha. Pa mzere wa ntchito yotere, mu C lembani tsiku la mwezi, ndipo D ikhale ndi fomula yakeyake:

```
=IF(DAY($G$1)=MIN(C2,DAY(EOMONTH($G$1,0))),1,0)
```

`EOMONTH` imapeza tsiku lomaliza la mwezi, ndiye ntchito ya pa 31 imagwera pa 30 mu Epulo ndi pa 28 kapena 29 mu Febuluwale, osati kudumpha mwezi wonse.

Mndandanda ukamatuluka zosamveka, yambani mwakayikira madeti. Deti limene sipuredishiti yalimva limatsamira kumanja kwa kabokosi, pamene limene yalitenga ngati mawu limatsamira kumanzere, ndipo `=ISNUMBER(B2)` imapereka `FALSE`. Choopsa kwambiri ndi deti lomveka mopotoka: mukalemba 3/4/2025, kompyuta ina imawerenga 3 Epulo, ina 4 Malichi, popanda chenjezo lililonse. Sinthani maonekedwe a danga B kuti mwezi uzioneka ndi dzina lake. Onaninso kuti mu G1 simunaike `NOW()`, chifukwa imawonjezera maola ndi mphindi ngati kachidutswa ka tsiku, ndipo zotsala za `MOD` sizifikanso pa 0.

Musanayambe kuidalira, fufutani `=TODAY()` mu G1 kwa kanthawi n'kumalembamo madeti pamanja: la mawa, la Lolemba likubwerali, la 28 Febuluwale, ndi la tsiku limodzi ntchito ina isanayambe. Pa deti lililonse yerekezani zotuluka ndi zimene mwawerengera papepala. Zikagwirizana, bwezerani `=TODAY()`.