Tiziphuphu ta pachipumi tochokera ku mafuta a m'tsitsi

Munthu akabwera akudandaula za tiziphuphu pachipumi, ndisanafunse za sopo kapena zakudya, ndimayang'ana kaye pamene tayambira ndi pamene tathera. Tikakhala titandandalika m'mphepete mwa tsitsi n'kutsikira chakumakutu, koma masaya ndi chibwano zili zosalala, ndimafunsa kuti: "Kodi m'mutu mumadzolamo chiyani?"

Vutoli si lachilendo. Mu 1970, madokotala a khungu Plewig, Fulton ndi Kligman analemba za ziphuphu zotere atazipeza mwa amuna akuda a ku America amene ankadzola mafuta olimba m'tsitsi tsiku ndi tsiku. Chimene chimachitika n'chakuti pakhungu pali timabowo momwe mumatulukira ubweya ndi mafuta a thupi. Mafuta olemera a m'tsitsi, monga pomedi, a kokonati ndi osakaniza ndi lanolini, sakhala pamene mwawapaka. Kukatentha amasungunuka, thukuta n'kuwatsitsira pachipumi. Pamenepo amamatana ndi khungu lakufa n'kutseka timabowoto. Zotsatira zake ndi timatuza tolimba, tating'ono ngati mitu ya mapini, tofanana kukula ndiponso tothithikana. Nthawi zambiri sitipweteka, ndipo mumatimva ndi chala musanatione bwino pagalasi.

Mayi wina anabwera atavutika nato miyezi isanu. Anali atasintha sopo katatu, ndipo ankakhula chipumi ndi kansalu mpaka kufiira. Titacheza, zinadziwika kuti chilukitsireni tsitsi ankapaka mafuta m'mizere usiku uliwonse, m'mawa n'kugoneka titsitsi ta kutsogolo ndi jelo. Pogona ankamanga duku lomwelomwelo, lofika pakati pa chipumi, ndipo ankalichapa mwa apo ndi apo. Atandionetsa pamene dukulo limalekezera, mzere wa tiziphuphu unali pomwepo ndendende. Nsaluyo inali itamwa mafuta, moti usiku wonse inkakhala ikuwadinda pakhungu.

Sindinawauze kuti asiye mafuta onse. Tsitsi lopotana limauma msanga, ndipo malangizo oti munthu asadzole kalikonse amangothera pakhomo la chipatala. Tinagwirizana zoti azipaka kawiri pa mlungu, pang'ono chabe, ndipo azipaka kutsitsi lenilenilo, kusiya mpata wa zala ziwiri kuchokera pamene tsitsi layambira. Jelo wa m'mphepete anamusiya. Kusamba kumaso kunasinthanso nthawi: ayambe akonza tsitsi, asambe m'manja, kenako atsuke nkhope ndi sopo wofatsa mpaka kufika m'mphepete mwa tsitsi. Ambiri amalekeza kutsuka asanafike pamenepa poopa kunyowetsa tsitsi, chonsecho ndi pamene mafuta amaunjikana. Duku ndi nsalu ya pilo azichapa kawiri pa mlungu, ndipo pomanga duku lisamakhudze chipumi.

Timabowo totsekeka sititseguka tsiku limodzi. Pamatenga milungu 4 mpaka 6 kuti kusintha kuoneke, ndipo ambiri amagwa ulesi mlungu wachiwiri n'kubwerera ku mafuta aja poganiza kuti sanali olakwa. Kwa mayiwa tinawonjezera adapalini wa 0.1 peresenti, mankhwala opaka amene amamasula zotsekazo. Mlingo wake ndi kadontho kofanana ndi njere ya nsawawa, kupaka mopyapyala pachipumi ponse usiku, khungu litauma. Poyamba amapaka usiku umodzi n'kudumpha umodzi, chifukwa milungu yoyambirira khungu limauma n'kumasupuka pang'ono. Woyembekezera kapena amene akufuna kutenga pakati asagwiritse ntchito mankhwalawa. Pofika mlungu wa 8 chipumi chinali chitasalala, kungotsala mawanga akuda pamene ankafinyapo. Amenewo ndiye amachedwa, amatha miyezi ingapo asanazimiririke, n'chifukwa chake ndimaletsa kwambiri kufinya ndi kukhula.

Pali zina zimene zimafanana ndi vutoli koma mankhwala ake ndi osiyana. Tiziphuphu tikamayabwa kwambiri, makamaka munthu akatuluka thukuta, ndipo tili pachifuwa ndi kumsana komwe, mwina ndi mafangasi a m'timabowo ta ubweya, omwenso amakonda mafuta. Pamenepo pamafunika mankhwala a mafangasi monga ketokonazo. Khungu likatupa, kuyabwa ndi kuchucha madzi patangopita tsiku limodzi kapena awiri mutadaya tsitsi kapena kuyamba mafuta atsopano, ndiye kuti thupi ladana ndi mankhwalawo. Timatuza topweteka, tamafinya, tokhala pa tsinde la tsitsi lolukidwa mothina timabwera chifukwa cha kukokako, ndipo mukapanda kumasula, tsitsi la kutsogolo limayamba kuthothoka. Mafuta oyeretsa khungu okhala ndi siteroyidi nawonso amatulutsa ziphuphu zofanana kukula, koma zimafalikira paliponse pamene apakidwa.

Ngati mwasintha kadzoledwe kwa milungu 8 koma palibe chasintha, kapena ziphuphuzo ndi zazikulu, zopweteka ndi zosiya zipsera, kaonaneni ndi dokotala wa khungu. Popita mutenge mabotolo onse a zimene mumadzola m'mutu ndi kumaso, kuti akawerenge zimene zasakanizidwamo.